Iwe kapena inu? Imelo ya alamu anga yopita ku Nampula

Alamu anga anatulukira kunyumba kuno ku Mbedza Loweruka lina m'mawa, foni ili m'manja, moni wake wachidule. "Alamu, tandiwerengereni ichi. Anthu aja angoti zii, sabata yatha tsopano." Geni yawo ndi ya nandolo. Amapikula ku Songani ndi ku Jali, ndipo ulendo uno anali atasonkhanitsa matumba 200 a makilogalamu 50. Kampani ina ya ku Nampula, ku Mozambiki, inali itawalembera imelo m'Chipwitikizi kufunsa ngati ali ndi katundu. Iwo analemba yankho lawo m'Chingerezi, n'kupatsa mlongo wawo wamng'ono kuti amasulire. Mnyamatayo Chipwitikizi amachiyankhuladi, amapitapita ku Mandimba, ndipo nyimbo za kizomba sizichoka m'makutu mwake.

Chingerezi cha alamu chinalibe vuto. Anathokoza chifukwa cha uthenga, anafunsa mtengo wa pa kilogalamu, anafunsanso kuti ndalama angalipire liti. Zimene zinapita ku Nampula ndi izi:

*Olá amigo,*
*Obrigado pela tua mensagem. Você pode mandar o seu preço por quilo? Diz-me quando podes pagar.*
*Abraço*

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinawamasulira m'Chichewa mmene zikumvekera kwa woilandira. "Aise mnzanga, zikomo chifukwa cha uthenga wako. Inuyo mungatumize mtengo wanu? Undiuze kuti ulipira liti. Ndakukumbatira." Alamu anagwira pakamwa. "Ine ndanena zimenezo? Kwa bambo woti sindinawaonepo?" Ndinati eya, mwanena, ndipo pamwamba pake mwadzitchula kuti ndinu mwamuna, chifukwa *obrigado* amanena ndi mwamuna, mkazi amati *obrigada*.

Sindinganene motsimikiza kuti chete wa ku Nampula anabwera chifukwa cha imeloyi. Mwina bwanayo anali kumunda. Koma taganizani mutalandira kalata ya munthu wachilendo, yofuna ndalama za matani 10 a nandolo, ikuyamba ndi "aise", pakati n'kukupatsani "inu", kumapeto n'kubwereranso ku "iwe". Mungathamangire kuiyankha?

Vuto limayambira ku Chingerezi. Liwu loti *you* ndi chitenje chofunda aliyense: mwana, agogo, nduna, gulu la anthu. Wolemba m'Chingerezi safunika kusankha. Koma womasulira akangoyamba chiganizo choyamba m'Chifalansa kapena m'Chipwitikizi, mneni amamukakamiza kusankha, ndipo chosankhacho m'kalata yoyambirira ija mulibemo. Ife a Chichewa apa tili ndi mwayi umene mzungu wa ku London alibe. Tinakula tikudziwa kuti "wadya?" ndi "mwadya?" si funso limodzi. Tinakalipiridwapo chifukwa chonena "iwe" kwa malume. Ndiye musanamasulire imelo ya bizinesi, yambani mwaiyankhula m'Chichewa mumtima, ngati kuti munthuyo wakhala pampando patsogolo panu. Pakamwa panu padzatuluka yankho lokha.

Chifalansa ndicho chosavuta pa ziwirizi, choncho ndiyambe nacho. *Tu* ndi iwe, *vous* ndi inu, ndipo monga kwathu kuno, *vous* yemweyo amagwira ntchito kwa munthu mmodzi wolemekezeka komanso kwa anthu ambiri. Pa imelo yoyamba ya bizinesi, kaya ikupita ku Lubumbashi, ku Bujumbura kapena ku Paris, lembani *vous*. Palibe kasitomala amene adzakwiye chifukwa mwamupatsa *vous*. Ambiri a ife amene tinaphunzira Chifalansa ku sekondale timagwa chifukwa maphunziro oyamba amakhala a ana okhaokha akufunsana mayina ndi zaka, zonse mu *tu*, ndiye dzanja limazolowera. Ine ndemwe ndili chaka choyamba ku Chanco ndinalemberapo mphunzitsi wina *s'il te plaît*, ndipo anangozunguliza *te* ameneyo ndi cholembera chofiira osanena kanthu. Mpaka lero ndimamuona.

Imelo ya alamu ikanakhala yopita kwa wogula wa ku Lubumbashi, ikanaoneka chonchi:

*Monsieur,*
*Je vous remercie de votre message. Pourriez-vous m'indiquer votre prix au kilo ? Je vous serais reconnaissante de me dire quand vous pourrez effectuer le paiement.*
*Cordialement,*

Onani kuti ulemu sukhala pa liwu limodzi. Uli pa *vous*, uli pa *votre*, uli pa mchira wa mneni, *-ez* uja wa *pourriez* ndi *pourrez*. Mukamaliza kulemba, sakani mawu awa m'kalata yanu: *tu*, *te*, *toi*, *ton*, *ta*, *tes*, ndi *t'* wobisala m'mawu ngati *je t'envoie*. Mukapeza ngakhale limodzi, pali podontha. Malo ena obisalako ndi polamula kapena popempha, chifukwa pamenepo mlowam'malo saonekera n'komwe: *envoie* ndi "tumiza", *envoyez* ndi "tumizani". Ndipo pali kamsampha kamodzi kamene ife a Chichewa timagwamo chifukwa cha ulemu wathu womwe. Kwathu timati "ndinu oitanidwa" ngakhale kwa munthu mmodzi, zonse kuchulukitsa. M'Chifalansa mneni yekha ndiye amachuluka, zotsatira zake zimakhalabe za munthu mmodzi: *vous êtes invité* kwa bambo, *vous êtes invitée* kwa mayi. Mukaika *s* kumapeto, mwaitana gulu.

Moni ndi kutsanzika ziyenera kuyenda ndi chimene mwasankha. *Salut* ndi wa anzanu, sakhala nyumba imodzi ndi *vous*. *Bonjour Madame* kapena *Bonjour Monsieur* ndi wabwino pa imelo za tsiku ndi tsiku. Ngati simukudziwa amene adzatsegule, lembani *Madame, Monsieur,* zonse ziwiri. *Mademoiselle* musiyeni, ngakhale mutaona pa chithunzi kuti ndi mtsikana wa msinkhu wanu. Boma la Falansa linachotsa liwuli pa mafomu ake mu 2012, ndipo pa bizinesi mkazi aliyense ndi *Madame*. Chiganizo chachitali chotsanzikira chija, *Veuillez agréer, Monsieur, l'expression de mes salutations distinguées*, chisungireni kalata yofunsira ntchito kapena yopita ku ofesi ya boma, ndipo mukachilemba, liwu lapakatilo likhale lomwe munayamba nalo pamwamba. Musayambe ndi *Madame* n'kutsanzika *Monsieur* chifukwa choti mwakopera kalata yakale. Zimachitika, ndazionapo.

Tsopano ku Chipwitikizi, kumene alamu anapunthwa, komwenso ife a kuno timakufuna kwambiri. Mozambiki watizungulira mbali zitatu. Kuchoka ku Zomba kuno, Nayuchi, Chiponde ndi Muloza si kutali, sitima ya katundu imadutsa ku Liwonde kupita ku Nacala, ndipo chiyankhulo cha boma ndi maofesi kutsidyako ndi Chipwitikizi chichokereni atsamunda mu 1975. Pamsika wa m'malire mutha kugula ndi kugulitsa m'Chinyanja, m'Chiyawo kapena m'Chilomwe popanda vuto. Koma nkhani ikafika pa imelo, invoisi ndi akaunti ya ku banki, imalowa m'Chipwitikizi cholemba, ndipo cholembacho ku Mozambiki chimatsatira kwambiri cha ku Portugal, osati cha ku Brazil.

Amene anayamba ndi Chifalansa amaganiza kuti nkhani ndi yomweyo: *tu* ndi iwe, *você* ndi inu, basi. Ndi pamene pali dzenje. Chipwitikizi chili ndi masitepe atatu, osati awiri. Pansi pali *tu*, wa abale ndi anzako. Pamwamba pali *o senhor* ndi *a senhora*. *Você* ali pakati, ndipo ndi sitepe yogwedera, chifukwa kulemera kwake kumasintha ndi dziko. Liwuli linachokera ku mawu akale aulemu kwambiri, *vossa mercê*, amene anapita nafupika mpaka ulemu wina unathothoka m'njira. Ku Brazil *você* ndi wa aliyense tsiku lililonse, pafupifupi ngati *you*. Ku Portugal alipo anthu ambiri, makamaka achikulire, amene amamva ngati mwawaloza ndi chala mukawatchula *você*. Ku Mozambiki mudzamumva paliponse m'kuyankhula, nthawi zambiri popanda chipongwe chilichonse, ndipo anthu amamusakaniza ndi *tu* m'chiganizo chimodzi osaona vuto, monga anachitira mlongo wa alamu. Koma zimene khutu limakhululuka pa depoti ya basi, diso silikhululuka pa imelo ya ku ofesi.

Ndiye tilembe chiyani? Apa Chichewa chimatithandizanso, mwina kuposa poyamba paja. Kumbukirani mmene timayankhulira kwa apongozi kapena kwa mfumu. Sitinena n'komwe kuti "inu". Timayankhula ngati tikunena za munthu wina amene palibe, chonsecho ali pamaso pathu: "Kodi abambo ayenda bwanji?" "Amayi akuti tiphike chiyani?" "Bwana abweranso liti?" Ulemu wa Chipwitikizi ndi umenewo ndendende. *O senhor pode enviar?* ndi "Kodi abambo angatumize?" Mneni amakhala wa munthu wachitatu, *pode*, ngati mukunena za iye uja. Alamu nditawafotokozera chonchi anaseka. "Ndiye ndingowalembera ngati apongozi?" Ndinati ndi zomwezo, apongozi a ndalama.

Ubwino wake ndi wakuti *você* ndi *o senhor* amagwiritsa mneni mmodzi yemweyo. *Você pode*, *o senhor pode*. Ndipo Chipwitikizi, monga Chichewa, chimalola kusiya mlowam'malo chiganizo n'kukhalabe chathunthu. Sitinena "inu mungatumize" nthawi zonse, timangoti "mungatumize". Choncho njira yotetezeka ndi kungochotsa *você* n'kusiya mneni yekha: *Pode enviar?* kapena mofewa kwambiri, *Poderia enviar?* Chiganizo chimenechi sichikhumudwitsa wa ku Nampula, wa ku Lisbon, ngakhale wa ku São Paulo. *O senhor* muikeni kamodzi kapena kawiri pamene pakufunika kumveketsa amene mukunena. Mukamuika m'chiganizo chilichonse kalata imalemera, imamveka ngati wantchito woopa kuchotsedwa.

Tinakhala pakhonde ndi alamu n'kuyamba kuisula imelo ija mzere ndi mzere. Choyamba ndinawapempha kuti andionetse imene analandira. Womasulira aliyense azifunsa zimenezi asanagwire chilichonse, chifukwa yankho nthawi zambiri limakhala kale m'menemo. Bamboyo anayamba ndi *Prezada Senhora*, analemba *a sua disponibilidade*, anatseka ndi *Melhores cumprimentos*, ndipo pansi pa dzina lake panali udindo wake pakampanipo. Munthu wavala jekete ndi tayi, ife tinamuyankha titavala kabudula. *Olá amigo* tinachotsa, n'kuika *Exmo. Senhor*, chidule cha *Excelentíssimo*. Kwa mayi ndi *Exma. Senhora*. *Prezado Senhor* akanakhalanso bwino, popeza ndi mmene iye anayambira. *Caro*, amene ali ngati "wokondedwa" wa m'makalata athu, ndi wofewerapo, woyenera mukalemberana kangapo.

Kenako tinasaka *tu* yense wobisala. *Tua* anakhala *sua*. *Podes* anataya *s* wake. Ichi ndi chizindikiro chosavuta kuchigwira ngakhale Chipwitikizi chanu chili chochepa: mneni wonena za munthu amene mukumulembera akathera ndi *s*, monga *podes*, *tens*, *queres*, *sabes*, ameneyo ndi "iwe". Waulemu ndi *pode*, *tem*, *quer*, *sabe*. Sakaninso *te*, *ti*, *teu*, *tua* ndi *contigo*; anzawo aulemu ndi *lhe*, *si*, *seu*, *sua* ndi *consigo*. "Ndikutumizirani" ndi *envio-lhe*, pamene *envio-te* ndi "ndikutumizira".

Povuta kwenikweni ndi popempha, chifukwa kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" kumakhala pa chilembo chimodzi, ndipo chilembocho chimatembenuka. Aneni othera ndi *-ar*, monga *mandar* ndi *enviar*, kwa mnzako umati *manda*, *envia*, kwa wolemekezeka *mande*, *envie*. Aneni othera ndi *-er* amachita zosiyana: kwa mnzako *escreve*, *responde*, kwa wolemekezeka *escreva*, *responda*. Ndiye simungaloweze kuti "a ndi ulemu" kapena "e ndi ulemu". Muyenera kuyang'ana kaye mneniyo. *Diz-me* wa m'imelo ya alamu ndi "undiuze", waulemu ndi *diga-me*. Ine pa imelo yoyamba ndimapewa kulamula konse, ngakhale kwaulemu. *Diga-me quando paga*, ngakhale galamala yake ili bwinobwino, ikumvekabe ngati wangongole waima pakhomo. Ndimakonda kuzungulira: *Agradecia que me dissesse*, ndiko kuti "ndikanathokoza mukanandiuza".

Imene tinatumiza ndi iyi:

*Exmo. Senhor,*
*Muito obrigada pela sua mensagem. Tenho 200 sacos de feijão bóer, de 50 kg cada. Poderia indicar-me o vosso preço por quilo? Agradecia também que me dissesse quando a empresa poderá fazer o pagamento.*
*Com os melhores cumprimentos,*

*Feijão bóer* ndiye nandolo ku Mozambiki. Koma taonani mawu awiri aja, *sua mensagem* ndi *vosso preço*. Wina anganene kuti tasakanizanso. Ayi. Uthenga analemba ndi bamboyo payekha, ndiye ndi *sua*. Mtengo si wake, ndi wa kampani, ndipo "wanu" wa anthu ambiri m'Chipwitikizi cha ku Portugal ndi Mozambiki ndi *vosso*. Mukamalembera kampani osadziwa munthu, yambani ndi *Exmos. Senhores*, ndipo aneni onse achuluke: *poderiam*, *enviem*, limodzi ndi *vosso*. Amene muli ndi Chifalansa m'mutu samalani apa: *vosso* amafanana ndi *votre* pomveka, koma pa imelo wamba si ulemu wa munthu mmodzi. Mukafunsa bambo mmodzi za *o vosso número*, adzakupatsani nambala ya ku ofesi, osati ya foni yake.

Njira ya munthu wachitatuyi ili ndi mtengo wake, ndipo pa bizinesi mtengowo ungakhale ndalama zenizeni. *Seu* amatanthauza "wanu", komanso "wake". Tiyerekeze alamu alemba kuti *Falei com o motorista sobre o seu pagamento*. Ayankhula ndi dalaivala za malipiro a ndani? A dalaivalayo, kapena a bwana amene akuwerenga? Chiganizocho chikuloleza zonse ziwiri. Ifenso timalidziwa vutoli: mukauza apongozi kuti "ndaonana ndi a dalaivala za ndalama zawo", apongozi akhoza kutambasula dzanja. Mankhwala ake ndi kutchula mwini. Ngati ndi za dalaivala, lembani *o pagamento dele*, kapena *dela* akakhala mkazi. Ngati ndi za kampani, *o vosso pagamento*. Ngati ndi za bamboyo payekha, *o pagamento do senhor*. Paliponse pamene m'chiganizo muli anthu awiri ndi ndalama, *seu* ndimamukayikira.

Za maudindo ndinene pang'ono, chifukwa kutsidyaku amazitenga mozama kuposa ife. Kwathu "dokotala" ndi wa kuchipatala kapena amene anafika pamapeto pa sukulu. M'maofesi a Chipwitikizi, munthu wa digiri yoyamba amatha kutchedwa *Doutor* kapena *Doutora*, ndipo injiniya ndi *Engenheiro*. Musangopatsa aliyense udindo pofuna kumukometsa. Yang'anani pansi pa imelo yake. Mukaona *Dr.*, *Dra.* kapena *Eng.º* patsogolo pa dzina, mubwezereni: *Exmo. Senhor Engenheiro*. Mukaona palibe, *Senhor* ndi wokwanira. Pa mayina, a Chipwitikizi amakhala ndi atatu kapena anayi, ndipo la banja limene mumaika pambuyo pa *Senhor* nthawi zambiri ndi lomaliza. *Dona* yekha ndiye amayenda ndi dzina loyamba la mayi, ndipo ndi ulemu wabwino wa pakamwa, koma pa imelo yoyamba *Exma. Senhora* sakuphonyetsani.

Pali kulakwitsa kwa mbali inayo, kumene anthu sakuchenjezana. Mnzanga wina wogulitsa zida za magalimoto ku Limbe wakhala akugula katundu kwa mnyamata wa ku Tete kwa zaka. Amaimbirana, amatchulana *mano*, ndiko kuti achimwene, zonse mu *tu*. Tsiku lina anafuna kumukumbutsa za katundu wochedwa, n'kupempha munthu kuti amulembere imelo "yooneka bwino". Inatuluka ndi *Exmo. Senhor* pamwamba ndi *V. Exa.* m'kati, mawu a m'makalata opita kwa akuluakulu a boma. Wa ku Tete anaimba foni madzulo omwewo kufunsa ngati nkhani yapita kwa maloya. Mukudziwa mmene zimakhalira mayi anu, amene amakutchulani "iwe" chibadwire, akayamba kuti "Kodi inu, mwabwera nthawi yanji usiku?" Ulemu wobwera mwadzidzidzi pakati pa anthu ozolowerana ndi mkwiyo. Womasulira amene sanafunse kuti awiriwa amatchulana bwanji akhoza kuyambitsa mlandu ndi galamala yolondola.

N'chifukwa chake ndikapatsidwa imelo kuti ndimasulire, sindiyamba ndisanadziwe ngati awiriwa anaonanapo, amene ali wamkulu pa zaka kapena pa udindo, ndi amene akufuna chinthu kwa mnzake. Ndimafunsanso amene wina adzaiwerenge. Imelo si uthenga wa pa WhatsApp. Imatumizidwa kwa akauntanti, imaikidwa mu `Cc` kwa bwana wamkulu, imasindikizidwa n'kulowa m'faelo. Mnyamata wa msinkhu wanu amene mumaseka naye pa foni mu *tu* akhoza kuchita manyazi abwana ake akaona kuti kasitomala akumulembera ngati mnzake wa ku bawo. Ngati pa `Cc` pali munthu amene simunazolowerane naye, kwerani sitepe imodzi, ndipo mnzanuyo adzamvetsa chifukwa chake.

Nanga kutsika kumachitika liti? Si inu woyambitsa ngati ndinu wamng'ono kapena wopempha. Wamkulu, kapena kasitomala, ndiye amatsegula chitseko, ndipo ziyankhulo zonse ziwiri zili ndi mawu ake ochitira zimenezi. M'Chifalansa adzati *On peut se tutoyer ?*, m'Chipwitikizi *Pode tratar-me por tu*. Akatero, vomerani; kukakamira *vous* munthu atakupemphani kuti musiye kumaoneka ngati mukumukana. Chovuta ndi pamene sananene koma wangoyamba kukulemberani *tu*. Akakhala wa msinkhu wanu ndi udindo wofanana, mutha kumutsatira. Akakhala bambo wa zaka 60 ndipo inu muli ndi 25, *tu* wakeyo ndi wa kholo kwa mwana, ndipo sakukupatsani chilolezo chobweza. Agogo akamakuti "iwe" suwayankha "iwe". A ku Kongo ena adzakulemberani *Papa* kapena *Maman* ngakhale mulibe mwana. Ndi ulemu wa kwawo, monga ife timati "amayi" kwa wogulitsa tomato, ndipo umayenda bwinobwino ndi *vous*.

Alamu anali ndi funso limodzi lomaliza tisanatumize: tipepese za imelo yoyamba ija? Ndinaganiza kuti ayi. Kufotokoza kuti "mlongo wanga anakutchulani iwe" kukanangoikuza nkhani, n'kuonetsanso kuti mwini geni sawerenga zimene zikutuluka m'dzina lake. Tinangotumiza yatsopanoyo ngati yankho pa imelo ya bamboyo, kuti ikhale pamwamba.

Yankho linabwera Lachiwiri, loyamba ndi *Prezada Senhora*, laulemu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa umene alamu amayembekezera. Anabweranso pakhonde, ulendo uno atakwiya. "Alamu, alembereni kuti asandipusitse, nandolo ameneyu ndinagula modula." Ndinawafunsa ngati akufuna kuti bamboyo amve kukwiyako kapena akweze mtengo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati akweze mtengo. Tinalemba kuti *Agradecia que reconsiderasse o preço*, n'kuika pansi pake mtengo umene iwo akufuna ndi tsiku limene matumba angakhale okonzeka kunyamulidwa. Mlongo wawo uja anali pomwepo, akusuzumira pa foni, ndipo ndi iye anaona kuti pa chiganizo chotsatira ndinalemba *confirma* m'malo mwa *confirme*.